Chikalata cha Kabuku Chofunsira Uzamba

Anzake a m'kalasi ankamutchula Kabuku, chifukwa m'thumba la yunifolomu yake simunkasowa kabuku kolembamo, ndipo ankamuseka kuti ngakhale dokotala atangotsokomola iye amafuna kulemba. Anali m'chaka chomaliza cha maphunziro a unamwino, koma mtima wake wonse unali pa uzamba. Malo pa maphunzirowo anali khumi ndi awiri okha, pamene owafuna anali oposa zana. Wofunsira aliyense ankayenera kutumiza zinthu zitatu: chikalata cha mawu osapitirira mazana asanu chofotokoza chimene akufunira uzamba ndi zimene waona ndi kuchita m'chipatala, kope la buku lake la ntchito za m'mawodi, ndiponso kalata yomuchitira umboni yochokera kwa mzamba amene anamuyang'anira, yomatidwa mu envulopu.

Chikalata chija chinamusowetsa mtendere milungu iwiri. Ankakhala ndi achemwali ake m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya zitsulo, ndipo achemwaliwo, amene ankagwira ntchito yotayipa makalata mu ofesi ya maloya, ndi amene analonjeza kuti amutayipira. Loweruka lina m'mawa Kabuku anawapatsa zimene analemba. Iwo anali akusita zovala, ndipo anawerenga pepalalo ali chiimire, dzanja lina lili pa simbi. Chiganizo choyamba chinkanena kuti kuyambira ali mwana wakhala akukonda makanda.

"Ngakhale udzudzu umakonda makanda," anatero achemwali akewo. "Ndiye nawonso auphunzitse uzamba?"

Anapitiriza kumunyogodola kuti anthu zana onsewo alemba zomwezo, za chikondi, za maitanidwe, za azakhali awo amene anavutika pobereka, ndipo owerenga akafika pa chikalata cha makumi atatu adzakhala akuodzera. Anamuuza kuti ku ofesi kwawo kalata yongodandaula imapita m'dengu la zinyalala, imene imawerengedwa ndi yonena chimene chinachitika, malo ake ndi amene anachichita. Ngati m'zaka zitatu zonsezi manja ake sanagwire kanthu koposa mabeseni, ndiye angovomera kuti uzamba ndi wa ena.

Manja ake anali atagwirapo kanthu. Kabuku anali asanauzeko munthu aliyense, koma tsiku limenelo anawafotokozera achemwali ake.

Zinachitika miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo, m'sabata yake yachitatu m'chipinda chochilira amayi. Womuyang'anira anali mzamba wamkulu amene ophunzira ankamutchula mwamseri kuti a Ndikubwera, poti mawu amenewa ndi amene ankasiya pakhomo nthawi iliyonse akamazemba ntchito. Anali mayi woseka ndi aliyense, wa zaka makumi awiri pa ntchito, ndipo manja ake, akakhalapo, anali aluso kwambiri. Lachitatu limenelo masana, mzamba wachiwiri anali ku chipinda cha opaleshoni kukalandira khanda. A Ndikubwera anayeza mayi wina wa mimba yachinayi, nanena kuti njira yatseguka masentimita asanu ndi limodzi okha, nthawi ikadalipo. Anauza Kabuku kuti azimvetsera mtima wa mwana mphindi makumi atatu zilizonse ndi kulemba pa tchati, iwo akuoloka msewu kukayesa diresi kwa telala.

Mimba yachinayi sidikira telala. Pasanathe ola, mayi uja ananena kuti akumva ngati akufuna kupita kuchimbudzi, ndipo Kabuku atayang'ana anaona tsitsi la mwana. Analiza belu, anaitana pakhonde, anatuma mayi wokolopa kuti athamange kukafuna mzamba aliyense. Kenaka anavala magolovesi. Mutu utatuluka anapapasa pakhosi napeza chingwe cha mchombo chitazungulira, koma chinali chokhwefuka, ndipo anachidutsitsa pamutu monga anaphunzirira pa chidole. Mwanayo anabadwa ali lobodo, osalira, osapuma. Anamupukuta, anamusisita kumsana, koma anangoti zii. Anamanga chingwe nachidula, anamuika pa tebulo lofunda, anamuwongola khosi pang'ono, anamuvindikira mphuno ndi pakamwa ndi kachipangizo kopopera mpweya, nayamba kupopa. Ulendo woyamba chifuwa sichinakwere. Anakonzanso mutu, anakanikiza bwino m'mbali mwa chivindikirocho kuti mpweya usathawe, ndipo apo kachifuwa kanayamba kukwera ndi kutsika. Patapita mphindi ziwiri mwanayo anatsokomola, nalira.

A Ndikubwera analowa ali wefuwefu, diresi lili m'jumbo. Sanafunse zambiri. Anabaya mayiyo jakisoni woteteza kutaya magazi, anatulutsa nsengwa, anayeza zonse, nalemba mu faelo kuti wachiritsa mayiyo ndi kutsitsimutsa khanda ndi iwo. M'buku la ntchito la Kabuku munali mizere itatu yosankhapo: anaonerera, anathandiza, anachita moyang'aniridwa. Iwo anachonga pa anaonerera, nasayina. Anamuuza motsitsa mawu kuti wophunzira saloledwa kuchiritsa mayi yekha, zikamveka angathe kuchotsedwa sukulu, choncho iwo amuteteza ngati mwana wawo. Kabuku anawathokoza ndi manja awiri.

Achemwali ake atamva zonsezi anaimika simbi. Anati golide anali naye m'thumba masiku onsewa iye ali kalikiliki kulemba za kukonda makanda. Anamuuza kuti alembe zimenezo basi.

Kabuku analemba mosamala kwambiri, potsata zonse zimene aphunzitsi anawalangiza. Sanatchule dzina la mayiyo, tsiku, ngakhale chipatala. Anafotokoza zimene anaona, zimene anachita motsatana, ndi zimene anaphunzirapo: kuti mayi wobereka kachinayi sasiyidwa, kuti zipangizo zotsitsimutsira khanda ziyenera kukonzedwa mwana asanabadwe, ndipo kuti mantha amachepa manja akadziwa chochita. Anavomera kuti anaiwala kuyang'ana wotchi pa nthawi yeniyeni imene mwana anabadwa, ndipo anati akufuna maphunzirowa kuti tsiku lina adzachite mwaluso zimene tsiku lija anachita monjenjemera. Za a Ndikubwera analemba chiganizo chimodzi chokha, chakuti mzamba woyang'anira anali atatulukako pang'ono. Anachiwerenga kangapo chiganizocho, nakhutira kuti chinali chaulemu. Mawu onse anakwana mazana anayi ndi makumi asanu ndi anayi mphambu zisanu.

Tsono panali mwambo umene aphunzitsi ankaulimbikitsa chaka ndi chaka, wakuti wofunsira azipereka chikalata chake kwa amene akumulembera umboni, kuti makalata awiriwo aziyankhula chimodzi. Mzamba yekhayo amene anamuyang'anira nthawi yokwanira anali a Ndikubwera. Kabuku sanaonepo chovuta. Kwa iye nkhani ija inali ya awiriwo, ndipo ankaganiza kuti mayiwo akondwa kuona kuti mwana amene anamuteteza wakula.

Anawapeza pa tebulo la anamwino akumwa tiyi, nsapato atavula. Anawapatsa moni wa ulemu, nawatambasulira pepalalo. Iwo anavala magalasi, anawerenga mpaka pansi, nabwereranso pamwamba. Tiyi anazizira. Kabuku anaimirira manja ali kumbuyo, akuyang'ana tchati cha pakhoma. Potsiriza mayiwo anavula magalasi namwetulira.

"Uli ndi dzanja lolemba, mwana wanga. Usasinthepo ngakhale kadontho. Watumiza kale?"

Kabuku anayankha kuti atumiza Lachisanu, zonse pamodzi. Iwo anati zili bwino, abwere Lachinayi adzatenge kalata yake. Lachinayi anaipezadi, envulopu yofiirira yomatidwa bwino, chidindo cha chipatala chili pa msoko ndi siginecha pamwamba pake. Kunali kukugwa mvula, ndipo Kabuku anaikulunga m'pulasitiki naiika mkati mwa juzi, pachifuwa, kuti isanyowe. Anakaipereka yekha ku ofesi yolandira mafomu. Patapita mwezi dzina lake linatuluka pa mndandanda wa anthu makumi atatu oitanidwa kukafunsidwa mafunso, ndipo tsiku limenelo anavina m'khitchini mpaka anagwetsa chivindikiro cha poto. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mafunso anachitikira m'chipinda chapamwamba, cha tebulo lalitali ndi zenera limodzi losatseguka. Ofunsa anali atatu. Pakati panali mkulu wa maphunziro a uzamba, mayi wa imvi zometa bwino, wosaseka. Kudzanja lake lamanja kunali bambo woonda amene ankaseweretsa cholembera, ndipo kumanzere kunali mphunzitsi wachitsikana amene ankalemba zokambidwa. Poyamba zinayenda bwino. Anamufunsa zizindikiro zoopsa kwa mayi woyembekezera, iye anazitchula osapunthwa. Anamufunsa chimene angachite mayi akayamba kutaya magazi atangochira, iye anayamba ndi kuitana thandizo ndi kusisita chiberekero, ndipo bambo uja anagwedeza mutu.

Kenaka mkuluyo anayala mapepala atatu pa tebulo, naafola bwinobwino ndi chala. Anati chikalata chake chinali chabwino koposa zonse zimene anawerenga chaka chimenecho, moti anachiwerenga kawiri. Koma anati pali chimene chikuwazunguza. M'buku lake la ntchito, m'milungu yonse ya ku chipinda chochilira, kutsitsimutsa khanda kunalembedwa kamodzi kokha, ndipo panachongedwa kuti anaonerera. Pansi pa tsambalo panali siginecha ya mzamba, ndiponso yake ya Kabuku yovomereza kuti zolembedwazo ndi zoona. Anamufunsa ngati siginechayo ndi yake. Iye anavomera.

Apo mkuluyo anatenga pepala lachitatu, kalata ya a Ndikubwera, nawerenga mokweza, mosathamanga. Kalatayo inati wophunzirayu ndi wakhama, wosunga nthawi ndi waukhondo. Inati ali ndi chidwi chachikulu pa uzamba, koma chidwicho nthawi zina chimamuchititsa kufotokoza zimene waonerera ngati kuti wazichita yekha. Wolembayo anati waona chikalata cha mwanayu, ndipo ndi chisoni cha kholo akudziwitsa komiti kuti iye mwini sanachokepo m'chipindamo tsiku limenelo, monga faelo ya mayiyo ingachitire umboni. Anapempha kuti amuchitire chifundo poti ndi mwana.

 Kabuku anayang'ana envulopu yofiirira ija ili pambali, yong'ambidwa, ndipo anazindikira khwinya la pakona pamene inapindikira pachifuwa pake.  Anati zonse anazilemba tsiku lomwelo m'kabuku kake, angathe kukabweretsa. Bambo woonda uja anaseka pang'ono nanena kuti dzanja lolemba kabukuko ndi lomwelo lolemba chikalata, ndipo munthu sadziitanira yekha kukhala mboni. Anafunsa ngati panali wina amene anaona. Kabuku anaganiza za mayi wokolopa, amene kampani yomulemba ntchito inachotsedwa pachipatalapo miyezi yapitayo, ndipo iye sankadziwa ngakhale dzina la mayiyo. Anaganiza za mayi wobereka uja, amene dzina lake linali mu faelo imene wophunzira sangaitsegule popanda chilolezo. 

Mkuluyo anapinda manja nafotokoza modekha kuti njira zilipo ziwiri. Ngati chikalatacho ndi choona, mafunso aimira pomwepo, iwo alembera sukulu yake ndi chipatala, pachitika kafukufuku, ndipo pempho lake lidikira mpaka nkhaniyo itatha. Pa kafukufukuyo adzafunsidwa chifukwa chimene anasayinira bodza m'buku lake, ndiponso chifukwa chimene anabisira miyezi yonseyi kuti mayi anasiyidwa popanda mzamba, n'kudzaulula pokhapo zitamukomera. Ngati si choona, angonena.

"Tiuzeni chimodzi, mayi. Munachita, kapena munakokomeza?"

Kabuku anaona mayeso omaliza amene anali atatsala milungu isanu ndi umodzi. Anaona zaka makumi awiri za a Ndikubwera zitaima mbali imodzi, iye ndi kabuku kake mbali ina. Anaona achemwali ake akunyamuka m'mamawa zaka zitatu kuti iye aphunzire. Ndipo anaganiza kuti mawu akuti kukokomeza ndi opepuka, ndi kulakwa kwa mwana, kumene akuluakulu amadzudzula kenaka n'kukhululuka. Mkuluyo anali atawatchula mofewa, ngati akumutsegulira khomo.

"Ndinakokomeza," anatero.

Mphunzitsi wachitsikana uja analemba. Mkuluyo anasonkhanitsa mapepala aja naagogoda pa tebulo kuti alingane.

"Munalemba kuti ulendo woyamba chifuwa sichinakwere, mpaka munakonza mutu ndi kutseka mpweya m'mbali. Ine ndaphunzitsa zaka zambiri, ndipo woonerera salemba choncho. Koma mwanena nokha, pamaso pa anthu atatu, ndipo zalembedwa. Mzamba amagwira ntchito nthawi zambiri popanda womuona. Chimene walemba ndi chimene tonse timadalira. Kaya munanama pa pepala, kaya mwanama pano, ine sindingakupatseni tchati cha mayi. Mutha kupita."

Kabuku anaimirira, anathokoza monga anaphunzitsidwira, natuluka. Pakhonde anzake odikira anamufunsa ndi maso, iye anangowadutsa. Anatsika masitepe atagwira chitsulo cha m'mbali, anayenda wapansi mpaka kunyumba osakumbuka kuti pali basi.

Achemwali ake anamvetsera nkhani yonse akusenda anyezi. Kabuku ankayembekeza kuti mwina akumbuka kuti ndi iwo anamuuza kuti alembe zimenezo, koma iwo sanakumbuke. Anati iwo anamuuza kulemba, sanamuuze kukapereka mpeni kwa munthu amene akufuna kumucheka. Anafunsa kuti ndi munthu wamtundu wanji amene amauza wakuba kuti ndakuona, kenaka n'kumupempha kuti amulembere kalata yaumboni. Ndipo choposa zonse, atafika pamene choonadi chikanamuthandiza, anachitaya yekha ngati madzi otsukira mbale. Anati mabuku onse aja analowa m'kabuku, m'mutu simunalowe kanthu. Kabuku analira, iwo anati misozi yawo ndi ya anyezi, asaganize kuti akumulirira.

Kalata yokana inabwera patapita masiku khumi, ya mizere inayi. Kope lake linapita ku sukulu ya unamwino, pamodzi ndi zimene anavomera. Aphunzitsi oyang'anira ophunzira m'mawodi anamuitana mu ofesi, natseka chitseko. Anati komiti ya mwambo ikanatha kumuimitsa mayeso, chifukwa ananamizira mzamba wolembetsedwa kuti anathawa ntchito, nkhani yoti ikanamulanditsa munthu chiphaso. Mwayi wake unali wakuti mzamba mwini wakeyo anabwera kudzamupepesera, nati safuna kuti tsogolo la mwana liwonongeke. Chimene chinkafunika chinali kalata yopepesa basi, imene adzaiwerenge pamaso pa ogwira ntchito m'chipinda chochilira, poti mbiri ya mayiwo inadetsedwa ndipo iyenera kutsukidwa poyera. Kalatayo idzakhala mu faelo yake. Za uzamba, aphunzitsiwo anati angayesenso zaka zikubwerazi, ngakhale kuti komiti ija sisinthasintha anthu.

Analemba kalatayo yekha ndi dzanja, poti achemwali ake anati makina a ku ofesi si otayipira manyazi.

Lolemba m'mawa, nthawi yopatsirana ntchito, anthu anadzaza mozungulira tebulo la anamwino: azamba, anamwino, dokotala wachinyamata atanyamula kapu, ndi ophunzira a chaka chachiwiri amene anali atangoyamba kumene m'wodimo. Atatha kufotokozerana za odwala, aphunzitsi aja anakodola Kabuku. A Ndikubwera anakhala pa mpando wawo, manja ali pamiyendo, nkhope ili yachifundo. Kuseri kwa nsalu yotchinga mayi wina ankabuula, ndipo Kabuku anapeza kuti akuwerenga m'mutu mphindi zapakati pa kubuulako. Anatambasula pepala nawerenga kuti iye, wophunzira wa chaka chomaliza, analemba zinthu zosaona, kuti tsiku limene anafotokoza lija anangoonerera, kuti mzamba womuyang'anira sanachokepo, ndipo kuti akupempha chikhululukiro.  Atamaliza anapinda pepalalo.

A Ndikubwera anapukusa mutu mwachisoni, natembenukira kwa ana a chaka chachiwiri aja. Anawauza kuti aphunzirepo, chifukwa mtsikanayu ndi wanzeru ndithu, iwo amamukonda, ndipo anamukhululukira kalekale. Kenaka anayang'ananso Kabuku namwetulira.

"Koma mwana wanga, akumbuyoko sanamve. Pajapa pamene ukuti sindinachokepo, bwereza mokweza."

Kabuku anatambasulanso pepala lija, anafunafuna mzerewo ndi chala, nawerenga mokweza.